Muli ndi kashopu koma simudziwa choti mugulitsemo: chitani izi musanaode katundu

Ambiri amene amanga kashopu kutsogolo kwa nyumba kapena m'mbali mwa msewu amayamba ndi kufunsa anzawo kuti ndi bizinesi iti imene ili ndi phindu masiku ano. Yankho la funso limeneli silikuthandizani, chifukwa kuno ku Chipata, kum'mawa kwa Zambia, chimene chikuyenda malonda m'mashopu a ku Down Shops chikhoza kukhala miyezi itatu pa shelefu kukomboni ya Mchini. Choti mugulitse chimadalira malo amene shopuyo ili, anthu odutsa pakhomo pake, mmene nyumbayo inamangidwira ndi mpamba umene muli nawo. Zinayi zonsezi mungathe kuzifufuza nokha m'masabata awiri, ndi kope limodzi ndi bolopeni.

Choyamba: dziwani lendi ya shopu yanu

Funsani eni mashopu atatu oyandikana nanu kuti chipinda chonga chanucho amachititsa lendi ndalama zingati pamwezi. Lembani chiwerengerocho pa tsamba loyamba la kope. Imeneyi ndi ndalama imene mungalandire mutakhala phee, osaoda katundu, osakhala pa kauntala. Bizinesi iliyonse imene mungaikemo iyenera kubweza ndalama imeneyi, kuwonjezapo malipiro a munthu wogulitsa, ngakhale wogulitsayo mutakhala inu nomwe.

Apa ndi pamene eni nyumba ambiri amadzinamiza. Amati ine sindilipira lendi, ndiye chilichonse chotsala ndi phindu. Shopu yobweretsa K900 pamwezi pamene lendi yake ikanakhala K1,200 ikukudyani K300 mwezi uliwonse, ndipo nthawi yanu mwaipereka ulere.

Chachiwiri: werengani anthu odutsa

Khalani pakhonde la shopu masiku asanu ndi awiri otsatizana, katatu patsiku: 6 mpaka 8 koloko m'mawa, 12 mpaka 2 masana, ndi 4 koloko mpaka kugwa mdima. Sabata lake likhale lapakati pa mwezi, kenako mubwereze masiku awiri kapena atatu kumapeto a mwezi apantchito atalandira. Mukawerenga kumapeto a mwezi kokha mudzaganiza kuti malowo ndi otentha pamene ndi masiku anayi okha.

Gawani tsamba m'mizere: oyenda pansi, a njinga zakapalasa, a njinga zamoto, magalimoto, ana asukulu. Pa aliyense wodutsa ikani kamzere. Chofunika kwambiri kuposa kuchuluka kwawo ndi zimene anyamula ndi kumene akuchokera. Mayi wochokera ku msika wa Kapata ali ndi chikwama chodzadza wagula kale, sadzaima kwa inu. Mwana wotumidwa wa kabotolo kopanda kanthu m'manja ndi kasitomala amene akukudutsani kupita kwina. Mukaona matumba a chakudya cha nkhuku ali pa kaliyala ya njinga akulowa m'komboni kuchokera m'tauni, lembani kuti ndi angati patsiku, chifukwa thumba lililonse mwini wake walipira wonyamula, ndipo ndalama yonyamulirayo ndiyo mpata wanu.

Onaninso mbali ya msewu. Anthu amagula kwambiri pobwerera kunyumba madzulo, osati popita kuntchito. Ngati shopu yanu ili kutsidya la ngalande yopanda kamlatho, kapena kumbali imene obwerera kunyumba sadutsako, theka la anthu amene mwawerenga si anu.

Mukatha kuwerenga, yendani mtunda wa mphindi khumi kumanja ndi kumanzere, mulembe shopu ndi kantemba kalikonse ndi zimene akugulitsa. Gulani kanthu kakang'ono, kenako funsani wogulitsayo mwaulemu kuti, "Amayi, ndi chiyani chimene anthu amakufunsani kawirikawiri koma mulibe?" Funsaninso amayi khumi a m'deralo chimene amakwerera njinga kukagula m'tauni. Chinthu chimene chatchulidwa ndi anthu anayi kapena asanu osadziwana chiikeni pamndandanda. Musafunse kuti kodi nditabweretsa chakuti mungagule, poti aliyense adzavomera kuti asakukhumudwitseni. Funsani kuti munagula liti komaliza, kuti, pa mtengo wanji.

Chachitatu: nyumbayo ikulola chiyani

Lowani m'shopu masana dzuwa lili pamutu, mutseke chitseko. Ngati malata ali pafupi ndipo mulibe siling'i kapena mpata wa mpweya, buledi, mazira, majarini, mbewu zodzala ndi mankhwala zidzawonongeka msanga m'nyengo ya Okutobala. Siyani pepala la pulasitiki pansi pa simenti usiku wonse mutatsindika ndi njerwa. Mukapeza mame kunsi kwake m'mawa, pansipo pamatuluka chinyontho, ndipo ufa, shuga, simenti kapena chakudya cha ziweto sizingakhalepo popanda mapaleti, matabwa oikapo katundu kuti asagunde pansi.

Za malaiti ganizirani mofatsa. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku damu la Kariba kumene amapangira malaiti, malo ambiri ankakhala opanda malaiti nthawi yaikulu ya tsiku, ndipo amene anavutika kwambiri ndi ogulitsa nyama, nsomba za mufiriji, ometa ndi owotcherera zitsulo. Ngati mulibe ndalama ya sola kapena jenereta, bizinesi yodalira firiji isakhale yoyamba. Yang'ananinso ngati kanta ingaime pakhomo kutsitsa katundu nthawi ya dzinja, ndipo ngati chitseko ndi mawindo ali ndi zitsulo. Mafoni ndi masipeya a njinga zamoto ndi katundu wochepa thupi koma wodula, wakuba amatha shelefu yonse m'thumba limodzi.

Chachinayi: ikani kalendala ya ndalama patsogolo

Kuno kum'mawa ndalama imayenda ndi ulimi, ngakhale m'kati mwa Chipata. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti alimi amagulitsa soya, nsawawa, mpendadzuwa, thonje, fodya ndi chimanga. Imeneyi ndi miyezi ya malata, simenti, njinga, zovala, ziwiya ndi mafoni. Okutobala mpaka Disembala ndalama imapita ku mbewu, feteleza, mankhwala opha udzu ndi makasu. Januwale mpaka Malichi ndi miyezi yowuma: anthu amagula pamela, saladi wa mu kapulasitiki ndi sopo wodula pakati, ndipo opempha nkhongole amachuluka. Masukulu amatsegulira mu Januwale, Meyi ndi Sepitembala, ndipo makope, mabolopeni, masokosi ndi polishi amayenda masabata awiri kapena atatu okha kenako zii.

Tanthauzo lake ndi lakuti musaweruze bizinesi ndi mwezi umodzi. Shopu yotsegulidwa mu Juni imaoneka ngati mgodi, ndipo mwini wake amaoda katundu wambiri amene amadzamukanirira mu Febuluwale. Ngati shopu ili kumudzi kapena pamsewu wopita ku Chadiza, Lundazi kapena Mfuwe, konzani zinthu ziwiri zosinthana: zaulimi nyengo ya mvula isanayambe, matumba opanda kanthu, ulusi wosokera ndi mankhwala oteteza chimanga ku anankafumbwe nthawi yokolola.

Chachisanu: fanizani zimene mwaona ndi bizinesi

Ngati ambiri odutsa ndi oyenda pansi a m'komboni ndipo palibe golosale pafupi, golosale yopima pang'onopang'ono ingayende. Phindu lake silili pa paketi ya shuga yathunthu, poti mtengo wake aliyense amaudziwa, koma pa kugawa: thumba la ufa kukhala mapamela, chigubu cha saladi cha malita 20 kukhala timabotolo, mpunga ndi nyemba pa kapu. Koma ngati mwawerenga ntemba zisanu pa mtunda wa mphindi khumi, musakhale wachisanu ndi chimodzi. Ganizirani zowagulitsa iwowo ma katoni ndi mabelo, ngati mpamba ukulola.

Ngati mzere wa njinga ndi umene wadzadza, masipeya ndi abwino: machubu, matayala, tcheni ndi masipuloketi, mabuleki, mapulagi, zingwe za kilatchi, oilo wa injini. Katunduyu saola. Vuto lake ndi mitundu, chifukwa sipuloketi ya njinga ina silowa pa ina. Lembani mitundu iwiri ya njinga zamoto imene imadutsa kwambiri, muode za imeneyo yokha, ndipo mupatse makanika malo pakhonde ulere kapena pa ndalama yochepa. Iye ndiye adzakuuzani choti muode, ndipo aliyense wokonzetsa adzagula kwa inu.

Za ndalama za pafoni, monga Airtel Money ndi MTN, zimayenda bwino ngati chowonjezera pakona ya kauntala, osati bizinesi yodzadza chipinda chonse. Zimafuna ndalama yokwanira ya mufoni ndi ya m'manja nthawi imodzi, ndipo ndalamayo isasakanizidwe ndi ya katundu ngakhale tsiku limodzi. Salaula amafuna diso lodziwa kusankha belo, choncho wosadziwa ayambe ndi kugula zosankha kwa otsegula mabelo.

Ngati shopu ili kumalekezero a tauni kumene mapoloti ndi aakulu ndipo kuseri kwa nyumba zambiri kuli makola a nkhuku, chakudya cha nkhuku ndi bizinesi yoyenera kuiwerengera. Tiyeni tiiwerengere mpaka pansi, chifukwa masamu ake ndi omwewo amene mudzachita pa bizinesi ina iliyonse.

Chitsanzo: shopu ya chakudya cha nkhuku

Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke. Inu muikemo mitengo ya tsiku limene mukuwerengalo, mutafunsa kwa ogulitsa zambiri awiri kapena atatu m'tauni.

Tinene kuti chipinda ndi cha mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi, lendi yake ikanakhala K1,200, ndipo mpamba ulipo K20,000. Zolipira pamwezi: lendi yomwe mwaitaya K1,200, wogulitsa K1,500, malaiti ndi chopereka cha mlonda K300, ziphaso mutazigawa pa miyezi 12 K100, zotayika K100. Zonse pamodzi K3,200. Musanapeze ngwee imodzi ya phindu lenileni, shopu iyenera kutulutsa K3,200.

Thumba la makilo 50 mwaoda pa K600, kunyamula K10, ndiye lafika pashopu pa K610. Mtengo wa thumba lathunthu alimi amaudziwa, simungaukweze kwambiri, tinene K650. Phindu ndi K40 pa thumba. Kuti K40 ifike K3,200 pafunika matumba 80 pamwezi.

Kodi matumba 80 ndi alimi angati? Mabuloila 100, nkhuku zowetera nyama, amadya pafupifupi matumba asanu ndi atatu a makilo 50 kuchokera tsiku loyamba mpaka masabata asanu ndi limodzi: sitata wa anapiye pang'ono, kenako gulowa wokulitsa ndi finisha womalizira. Akagulitsa, mlimi wosamala amasiya khola sabata limodzi kapena awiri kuti alitsuke ndi kuliumitsa. Choncho matumba asanu ndi atatuwo ndi a miyezi iwiri, kutanthauza anayi pamwezi. Matumba 80 akufuna alimi 20 a nkhuku 100 aliyense, onse okhulupirika kwa inu. Shopu yatsopano siwapeza alimi otere mwezi woyamba.

Tsopano tsegulani thumba mugulitse pa kilo. Pa makilo 50 mudzagulitsa pafupifupi 49, chifukwa china chimatayika pansi ndi popima mopyola. Pa K15 pa kilo ndi K735. Chotsani K610 ya thumba ndi K15 ya mapulasitiki, kutsala K110. Thumba lomwelo lapereka phindu loposa kawiri ndi theka. Ogula pa kilo ndi aja a nkhuku 20 kapena 30 kuseri kwa nyumba, a nkhuku zachikuda zimene akufuna kunenepetsa, ndi alimi amene finisha yawathera kutatsala masiku atatu kuti agulitse.

Mukasakaniza, masamu amasintha. Matumba athunthu 40 pamwezi, amene ndi alimi khumi, apereka K1,600. Matumba 10 ogulitsa pa kilo, amene ndi makilo pafupifupi 19 patsiku pa masiku 26, apereka K1,100. Zomwera, zodyera, utuchi woyala m'khola ndi malasha otenthetsera anapiye zikabweretsa K600, zonse zakwana K3,300. Mwadutsa K3,200 ndi K100 yokha. Apa ndiye poyambira, ndipo phindu lenileni limabwera ndi mlimi wa khumi ndi mmodzi kupita m'tsogolo. Ndiye musanagule thumba ngakhale limodzi, yendani m'deralo muwerenge makola. Mukapeza osakwana 20, dziwani kuti khumi okhulupirika simuwapeza, ndipo bizinesiyi si ya malo anu.

Mpamba wa K20,000 ugaweni motere. K12,200 matumba 20: sitata anayi, gulowa asanu ndi atatu, finisha asanu ndi atatu. K1,800 zomwera, zodyera ndi zina zazing'ono. K2,000 sikelo, mapaleti ndi mapepala. K4,000 yotsala musaikhudze, ndi yodzawonjezera chimene chatha msanga komanso yolipirira wogulitsa miyezi iwiri yoyamba. Matumba 20 pa malonda a matumba 50 pamwezi ndiye kuti mudzaoda pafupifupi masiku khumi kapena khumi ndi awiri alionse. Zimenezi ndi zabwino, chifukwa chakudya cha nkhuku sichifuna kukhalitsa.

Zimene zimalakwika pa bizinesiyi ndi zodziwika. Matumba oikidwa pansi pa simenti kapena ogunda khoma amakoka chinyontho, chakudya chimaumbika mabuma ndi kununkha chuku. Chakudya chachuku chimadwalitsa nkhuku, ndipo mlimi mmodzi akataya nkhuku komboni yonse imamva tsiku lomwelo. Ikani pa mapaleti, musiye mpata wolowa dzanja pakati pa matumba ndi khoma, ndipo lembani tsiku lofika pa thumba lililonse ndi choko kuti lakale lizituluka loyamba. Makoswe muwadziwa ndi timabowo m'makona a matumba apansi ndi zitosi zawo m'mawa. Tcherani misampha, koma poizoni asayandikire chakudya.

Cholakwika china ndi kusinthasintha kampani ya chakudya potsata mtengo wotsika. Mlimi amene wayamba ndi sitata wa kampani ina amafuna kumaliza ndi kampani yomweyo, akapeza mwasintha amabwerera m'tauni ndipo sabweranso. Sankhani kampani imodzi imene makola ambiri a m'dera lanu akugwiritsa kale ntchito. Katemera wa chideru ndi gumbolo amafuna firiji yosazima, akatentha amafa mphamvu ngakhale botolo likuoneka bwinobwino, choncho msiyeni kufikira mutakhala ndi sola ndi chiphaso chake.

Nkhongole ndiyo imapha mashopu otere. Mlimi amabwera sabata lachisanu, nkhuku zili ndi njala, nati, "Abwana, ndipatseniko finisha awiri, ndilipira ndikagulitsa Loweruka." Matumba awiriwo ndi K1,220 ya mpamba wanu, ndipo phindu lake ndi K80 yokha. Akapanda kulipira, muyenera kugulitsa matumba athunthu oposa 30 kuti mubweze chotayikacho. Ngati simungakane, ikani malire: nkhongole zonse pamodzi zisapyole gawo limodzi mwa magawo khumi a katundu, thumba limodzi pa munthu, kwa amene wagula kale kwa inu ulendo wathunthu wa nkhuku ndi ndalama m'manja, ndipo asaine m'kope. Achibale alowe m'lamulo lomweli.

Chachisanu ndi chimodzi: mapepala

Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku ZRA, ndipo chilolezo chochitira malonda pamalopo chimachokera ku khonsolo, chimene chimalipiridwa chaka ndi chaka. Ogulitsa zakudya amafunikanso kuyenderedwa ndi azaumoyo a khonsolo. Katundu wina ali ndi ziphaso zakezake: mankhwala a anthu ndi a ziweto ndi a ZAMRA, mankhwala ophera tizilombo ndi udzu ndi a ZEMA, mbewu zodzala ndi za SCCI, ndipo sikelo yogulitsira iyenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a Zambia Metrology Agency. Funsani mitengo ya ziphaso zimenezi musanasankhe bizinesi, chifukwa pa mpamba wochepa zikhoza kusintha chisankho chanu.

Poti malire a Zambia ndi Malawi a ku Mwami ali pafupi, padzabwera anthu okutsatsani katundu wotchipa wodzera njira zam'tchire. Wopanda lisiti ndi mapepala a kasitomu angalandidwe yense, ndipo feteleza, mbewu ndi mankhwala otere nthawi zambiri simungatsimikize kuti m'kati muli chimene chalembedwa kunja.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani miyezi itatu

Musamange mashelefu a simenti kapena kulemba dzina la katundu pakhoma ndi penti musanayese. Matabwa ndi chikwangwani chochotseka n'zokwanira. Tsegulani nthawi yofanana tsiku lililonse, poti kasitomala wopeza potseka kawiri amasiya kubwera.

Sungani masamba atatu m'kope. Loyamba, zogulitsa za tsiku. Lachiwiri, chilichonse chotuluka, kuphatikizapo sopo amene mwatengera kunyumba, pa mtengo wogulitsira. Lachitatu, chinthu chilichonse chimene munthu wafunsa inu mulibe. Tsamba lachitatuli ndilo limakuuzani choti muode ndi K4,000 ija, ndipo nthawi zina limasintha bizinesi yonse: shopu yoyamba ndi chakudya cha nkhuku ikhoza kupeza kuti ofunsa gaga ndi chakudya cha nkhumba ndi ambiri kuposa a mabuloila.

Loweruka lililonse madzulo werengani katundu yense pa mtengo woodera, muwonjeze ndalama ya m'kabati ndi ya mufoni. Nkhongole za anthu musaziwerengere. Chiwerengerochi chikamatsika masabata anayi otsatizana pamene malonda akuoneka ngati akuyenda, pali pamene pakudontha: wogulitsa, sikelo yopima mopyola, nkhongole, kapena zotengera kunyumba zosalembedwa. Chinthu chimene chakhala masiku 45 osagulidwa chitsitseni mtengo chichoke, ndalamayo ipite ku chimene chikuyenda.

Pakutha pa miyezi itatu fanizani phindu lanu ndi lendi ija munalemba poyambirira, mukukumbukira nyengo imene mwayeseramo. Ngati ndi Januwale mpaka Malichi ndipo mwafika pafupi ndi zolipira zanu, pitirizani, chifukwa miyezi yokolola idzakweza. Ngati ndi Meyi mpaka Julayi ndipo simunafike, miyezi ikubwerayo idzakhala yoipa kuposa pamenepo. Gulitsani katunduyo, muyese chinthu chachiwiri cha pamndandanda wanu, kapena muchititse lendi. Chipinda chachikulu mungachigawe pakati ndi matabwa, mbali imodzi ya telala kapena wometa amene lendi yake izilipira malaiti ndi mlonda, mbali inayo mupitirize kuyesa ndi katundu wochepa. Wochita lendiyo mulemberane pangano la miyezi isanu ndi umodzi lonena ndalama, tsiku lolipira, wogula mayunitsi a malaiti, ndi mwezi umodzi wodziwitsana wina akafuna kuchoka.